Mpira wochokera padenga: 34.6 m yachokera kuti, nanga 52 m ipezeka bwanji?

Funso

Aphunzitsi, ndithandizeni. Pa pepala lathu la mafunso a fizikisi pali funso ili: mpira waponyedwa kuchokera padenga la nyumba yotalika 15 m, pa liwiro la 72 km/h, pa ngodya ya madigiri 30 kuloza m'mwamba, ndipo akuti titenge g = 10 m/s². Tidzaze nthawi yomwe mpirawo ukhale m'malere, pamene ufike pamwamba penipeni, mtunda womwe ukagwere, ndi liwiro lomwe umenyere pansi. Pa mtunda ndinagwiritsa ntchito R = u² sin 2θ / g nkupeza 34.6 m, koma andichongera kuti ndalakwa, yankho akuti ndi 52 m. Chonsecho fomulayo ili m'buku. Ndalakwitsa pati, ndipo ndingadziwe bwanji ndekha kuti yankho langa lili bwino ndisanapereke pepala?

Yankho

Mwana wanga, masamu ako sanaphonye ngakhale pamodzi. Ndabwereza kuwerengera kwako ndipo 34.6 m ikutulukadi, zomwe zikundiuza kuti unasintha kaye 72 km/h kukhala 20 m/s, chinthu chimene anzako ambiri amachiiwala. Vuto ndi loti fomula unasankhayo imayankha funso lina. Imanena mtunda umene chinthu chayenda pofika nthawi imene chabwerera pa msinkhu womwe chinanyamukira. Poipanga, anayamba ndi kunena kuti chinthucho chanyamuka pansi ndipo chatera pansi pa malo athyathyathya. Mpira wako ukadaponyedwa pabwalo, 34.6 m ikadakhala yolondola. Koma wachokera padenga. Utayenda 34.6 m, mpirawo wangofika pofanana ndi denga, pansi pake pali mamita 15 oti ugwebe, ndipo nthawi yonse imene ukugwa ukupitanso patsogolo. Mamita 17 ndi pang'ono amene akusowa pa yankho lako ndi a ulendo wotsalawo.

Choncho ndisanalembe nambala iliyonse pa pepala lotere, ndimajambula. Khoma, kadontho pamwamba pake, muvi wopendekeka, mzere wokhota mpaka pansi. Sichitenga ndi mphindi yomwe, koma ukadajambula, diso lako likadaona lokha kuti ponyamukira ndi potera sipali pa mzere umodzi. Pambali pa chithunzicho lembapo mawu awiri amene aziyendetsa ntchito yonse: poyambira kuyeza ndi padenga, ndipo m'mwamba ndi pulasi. Ukasankha choncho usasinthenso mpaka funso lithe.

Kenako miyeso. Lamulo lake ndi lakuti manambala onse azilankhula chinenero chimodzi ndi g. Popeza g ali m'mamita ndi masekondi, liwiro nalo likhale m'mamita pa sekondi, kutalika kukhale m'mamita, nthawi m'masekondi. Kilomita imodzi ndi mamita 1000, ola limodzi ndi masekondi 3600, ndiye kugawa ndi 3.6 kumachokera pamenepo. Ngakhale unachita bwino, ulembe mzerewu poonekera, chifukwa wochonga amaufuna:

```
u = 72 × 1000 m / 3600 s = 20 m/s
```

Woiwala sitepe iyi nkulowetsa 72 momwe alili amapeza mpira ukutera pafupifupi 474 m kutali ndi nyumba. Dzanja la munthu silingaponye mpira mtunda wotero, ndipo kudabwa kokhako kuyenera kumubweza munthu pa mzere woyamba.

Tsopano pamtima pa nkhaniyi. Chinthu chikachoka m'manja, ngati sitiwerengera mpweya, chomwe chikuchikoka ndi dziko lokha, ndipo dziko limakokera pansi basi. Silikankhira kutsogolo, silibwezera m'mbuyo. Chifukwa cha ichi ulendo umodziwo timauwerenga ngati maulendo awiri ochitika nthawi imodzi. Chopingasa, mpira ukuyenda pa liwiro losasintha kuyambira pochoka m'manja mpaka pogunda pansi. Choimirira, liwiro lake likuchotsedwa 10 m/s pa sekondi iliyonse, ukukwera kapena ukutsika chimodzimodzi. Galileo Galilei ndiye anaonetsa m'buku lake la 1638 kuti maulendo awiriwa ukawaphatikiza amapanga mzere wokhota uja timautcha parabola. Chimene chimamanga mbali ziwirizi pamodzi ndi nthawi yokha. Ndiye gawa pepala lako pakati, kumanzere ulembe x, kumanja y, ndipo nambala ya mbali imodzi isalumphire mbali ina kupatula t.

```
ux = u cos θ = 20 × cos 30° = 17.32 m/s
uy = u sin θ = 20 × sin 30° = 10 m/s
ax = 0        ay = −10 m/s²
```

Usanadine mabatani, yang'ana pamwamba pa galasi la kakyuleta. Payenera kuoneka D kapena DEG. Pakakhala R kapena RAD, makinawo akuwerenga 30 ngati maradiyani, ndipo sin 30 akupatsa −0.988 m'malo mwa 0.5. Ine ndimauza ophunzira anga kuti tsiku lililonse la fizikisi ayambe ndi kudina sin 30, ikatuluka 0.5, ntchito iyambike. Palinso njira yachangu yoonera ngati sunasinthanitse sin ndi cos. Ngodya ya madigiri 30 ndi yogona, yayandikira pansi kuposa m'mwamba, choncho gawo lopingasa liyenera kukula kuposa loimirira. 17.32 ndi wamkulu kuposa 10, zili bwino. Ukafuna kutsimikizanso kuti manambala a magawo awiriwa atuluka bwino, 17.32² kuphatikiza 10² ndi 300 kuphatikiza 100, zomwe zikupereka 400, ndipo 400 ndi 20². Liwiro lomwe tinagawa labwerera lathunthu.

Funso la pamwamba penipeni ndi losavuta, koma lili ndi kamsampha kake. Pamwambapo liwiro loimirira limakhala ziro kwa kamphindi. Mpira sunaime ayi, ukupitabe kutsogolo pa 17.32 m/s, ndipo g akadali 10 m/s² kuloza pansi. Chomwe chatha ndi kukwera kokha. Kuchokera pa vy = uy + ay t tikupeza kuti 0 = 10 − 10t, ndiye t = 1 s. Kutalika kwake:

```
vy² = uy² + 2 ay sy
0 = 10² + 2(−10) sy
sy = 5 m
```

Msamphawo ndi uwu: 5 m ameneyu ndi wochokera padenga, chifukwa ndi pomwe tinayambira kuyeza. Ngati bokosi la pa pepala likufunsa kutalika kuchokera pansi, yankho ndi 15 m kuphatikiza 5 m, kutanthauza 20 m. Werenga mawu a funso kawiri. Ngati sananene bwinobwino, lemba zonse: 5 m pamwamba pa denga, kapena kuti 20 m kuchokera pansi. Wochonga aliyense wachilungamo sangakulande malikisi pa yankho lonena lokha pomwe layezedwera.

Tifike pa nthawi yonse ya ulendo, pomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa ndi pamene mapepala ambiri amagwera. Fomula yake ndi sy = uy t + ½ ay t². Chilembo sy sichinena mtunda wonse umene mpira wadutsa pokwera ndi potsika. Chimangofunsa kuti pamapeto mpira uli pati poyerekeza ndi pomwe unayambira. Unayambira padenga, wathera pansi, mamita 15 m'munsi mwa poyambira. Popeza tinati m'mwamba ndi pulasi, sy = −15 m. Kukwera kwa mamita 5 kuja ndi kutsika kwake fomulayo imadziwerengera yokha, iwe usakuwonjezere.

```
−15 = 10t − 5t²
t² − 2t − 3 = 0
(t − 3)(t + 1) = 0
t = 3 s   kapena   t = −1 s
```

Timatenga 3 s chifukwa wotchi yathu inayamba kuyenda mpira utachoka m'manja. Lemba chifukwacho m'mawu ochepa pambali, usangofufuta −1 mwakachetechete. Ndipo −1 ameneyu si zinyalala. Ukatalikitsa mzere wokhota uja cham'mbuyo, ukagunda pansi sekondi imodzi mpira usanaponyedwe, ngati kuti unanyamukira pansi nkudutsa padenga pa liwiro lomwelo. Masamu sadziwa kuti panali dzanja la munthu, amangoona parabola yathunthu.

Taona zomwe zimachitika chizindikiro chikasokonekera, chifukwa zolakwika ziwiri za pano zili ndi nkhope zosiyana. Wina amalemba 15 wa pulasi, nkukhala ndi 15 = 10t − 5t². Akafika pa sikweya ruti amapeza −8 mkati mwake, kapena nambala ina ya mainasi malinga ndi momwe wafupikitsira ikweshoni, ndipo kakyuleta imalemba Math ERROR. Makinawo sanawonongeke. Iye wafunsa kuti mpira ufika liti mamita 15 pamwamba pa denga, pomwe taona kale kuti sudutsa mamita 5. Kulakwitsa kumeneku nkwabwinoko chifukwa kumakuwa kokha. Koopsa ndi kwachiwiri: munthu amaika zonse pulasi, 15 = 10t + 5t², ndipo ikweshoni imasungunuka bwinobwino nkupereka t = 1 s. Nambala yoyera chonchi imamunyenga kuti wakhoza. Koma zonse zikakhala ndi chizindikiro chimodzi, ndiye kuti liwiro loyambira, kukoka kwa dziko ndi kusuntha zonse zaloza kumodzi, ndipo ameneyo ndi mpira woponyedwa chotsika, osati chokwera. Ungaugwire bodza mosavuta: tapeza kale kuti kukwera kokha kumadya sekondi imodzi, ndiye ulendo wonse sungathenso pa sekondi imodzi yomweyo.

Nthawi ikapezeka, iwoloke nayo kupita ku mbali ya x. Kumeneko kulibe g, liwiro silisintha, choncho mtunda ndi liwiro kuchulukitsa ndi nthawi:

```
sx = ux t = 17.32 m/s × 3 s = 51.96 m ≈ 52 m
```

Ndi ameneyo 52 m wa aphunzitsi ako. Ona momwe miyeso yadzikonzera yokha mu mzerewu: sekondi ya pansi pa m/s yafafanizana ndi sekondi ya nthawi, kwatsala mita. Ichi ndicho chifukwa ndimalimbikira kuti miyeso izilembedwa mkati mwa ntchito, osati kumatidwa kumapeto ngati chokongoletsera. Fomula ukaikumbukira molakwika, miyeso imakuulula. Tinene kuti waiwala kachiwiri kakang'ono ka pa t² nkulemba ½ a t. Pamenepo m/s² kuchulukitsa ndi s kukupereka m/s, lomwe ndi liwiro, ndipo liwiro sungaliphatikize ndi kutalika. Waigwira fomula yopunduka usanawerengere nkomwe.

Onanso kuti ndinasunga 17.32 mpaka kumapeto. Ukadadula msanga kukhala 17, ukadapeza 51 m, mita yathunthu itatayika chifukwa cha changu. Sunga manambala anayi kapena kuposa pakati pa ntchito, kapena uwasiye m'kakyuleta momwemo, ndipo udule kamodzi kokha pa yankho lomaliza. Kudula kwake kutsatire manambala amene funso lakupatsa. Apa 15, 72 ndi 30 onse ali ndi manambala awiri otanthauza, choncho 52 m ndi yoyenera. Ngati pepala lanena kuti atatu, lemba 52.0 m. Kulemba 51.961524 m nkunena kuti wayeza mpaka kachidutswa kochepa kuposa tsitsi, pomwe nyumba yeniyeniyo anangoiyeza m'mamita athunthu.

Bokosi lomaliza, la liwiro pogunda pansi, ndi limene ena amalembamo ziro poganiza kuti mpira ukagwa waima. Funso likunena kamphindi komaliza mpira usanakhudze nthaka. Chopingasa ukadali pa 17.32 m/s. Choimirira, vy = 10 + (−10)(3) = −20 m/s, ndipo mainasiyo akungotiuza kuti ukutsika. Mbali ziwirizi zimakumana pa ngodya ya madigiri 90, choncho sitiziphatikiza ngati 17.32 ndi 20 kupanga 37.32. Timatsata lamulo la Paithagorasi:

```
v = √(17.32² + 20²) = √700 = 26.5 m/s
tan φ = 20 / 17.32,   φ = 49°
```

Yankho lathunthu ndi 26.5 m/s pa madigiri 49 kutsika kuchokera pa mzere wopingasa. Funso likangofuna kukula kwa liwiro, 26.5 m/s ikukwana, koma likafuna liwiro ndi komwe laloza, ngodyayo ikasowa ndiye kuti wayankha theka.

Tsopano gawo lachiwiri la funso lako, lomwe landisangalatsa kuposa loyamba. Kubwereza masamu omwewo kachiwiri si kutsimikiza. Maso amene anaphonya mainasi poyamba adzamuphonyanso, chifukwa mutu umangotsata mapazi ake omwe. Kutsimikiza kwenikweni nkufika pa yankho lomwelo kudzera njira ina imene sidalira yoyamba ija.

Pa nthawi, dula ulendowo pawiri. Kukwera kwatenga 1 s. Pamwamba penipeni mpira uli mamita 20 kuchokera pansi ndipo liwiro lake loimirira ndi ziro, ndiye kuchokera pamenepo ukugwa ngati chinthu chongosiyidwa m'manja. 20 = ½ × 10 × t² ikupereka t² = 4, t = 2 s. Sekondi imodzi yokwera ndi ziwiri zotsika, zonse 3 s. Palibe ikweshoni yovuta yomwe tagwiritsa ntchito, palibe −15, koma tafika pamodzimodzi. Uja anapeza 1 s akadachita izi akadadzigwira yekha.

Pa liwiro lomaliza, gwiritsa ntchito kusungika kwa mphamvu. Mphamvu ya kuyenda imene mpira uli nayo pansi ndi yomwe unali nayo padenga kuphatikiza yomwe wapeza potsika mamita 15. Kulemera kwa mpira kumapezeka mbali zonse ziwiri za ikweshoni nkufafanizika, ndipo chotsala ndi ichi:

```
v² = u² + 2gh = 400 + 2 × 10 × 15 = 700
```

700 yemwe uja wabweranso. Ubwino wa njira iyi ndi woti mulibe ngodya, mulibe nthawi, mulibe sin kapena cos. Choncho ukadalakwitsa popeza t, manambala awiriwa sakadagwirizana. Ndi njira imene ndimaidalira kwambiri pa mafunso onse a mtundu uwu, ndipo imatenga mzere umodzi.

Nanga 34.6 m wako uja? Usamutaye, ali ndi ntchito. Mpira umabwerera pa msinkhu wa denga patatha 2 s, imodzi yokwera ndi imodzi yotsika, ndipo 17.32 kuchulukitsa ndi 2 ndi 34.64 m. Sekondi yachitatu ikuwonjezera 17.32 m ina, zonse pamodzi 51.96 m. Ndiye fomula ya m'buku ija ikhoza kukhala mpanda wa m'munsi: chinthu chikatera pansi kuposa pomwe chinanyamukira, mtunda wake uyenera kuposa womwe fomulayo yapereka, ndipo chikatera pamalo okwera chikutsika, uyenera kuchepa. Azibale ake awiri uwasamale mosiyana. T = 2u sin θ / g ili ndi malire omwewo, imagwira pokhapokha ponyamukira ndi potera pakufanana. H = u² sin² θ / 2g imagwira nthawi zonse, koma imayeza kuchokera ponyamukira, ndiye apa ikupatsa 5 m osati 20 m.

Mfundo ina yomwe imatsagana ndi fomula yako ndi yoti madigiri 45 ndiwo amaponya kutali kwambiri. Nayonso ndi ya pamalo athyathyathya. Tayesa wekha pa denga lomweli ndi liwiro lomweli: pa madigiri 45 upeza nthawi ya 3.65 s ndi mtunda wa 51.6 m, wochepera pang'ono 52.0 m wa madigiri 30. Ngodya yabwino koposa pano ili pafupi ndi madigiri 37, ndipo imafikitsa mpira pa 52.9 m. Chifukwa chake n'chakuti denga lakupatsa kale nthawi ya m'malere yaulere, choncho ndi bwino liwiro lochulukirapo lipite kutsogolo kusiyana ndi kulimwaza pokwera.

Za g, tsatira zomwe pepala lanena. Apa anena 10. Akadanena 9.8 m/s², njira ikadakhala yomweyi koma ikweshoni sikadagawika mosavuta. Ukadagwiritsa ntchito fomula ya kwadiratiki nkupeza 3.05 s ndi 52.8 m. Mtengo weniweni wa g umasinthasintha pang'ono pa dziko, kuchoka pafupifupi 9.78 pa ikweta kufika 9.83 ku mapolo, choncho 9.8 ndiye wapafupi ndi choona ndipo 10 ndi wopeputsira masamu. Choletsedwa nkusakaniza, 10 pa funso la kutalika, 9.8 pa funso la nthawi. Ukatero macheke onse ndakuonetsawa asiya kugwirizana ndipo uyamba kusaka cholakwa pomwe palibe. Dziwanso kuti mpira weniweni sungafike pa 52 m. Mpweya umaubweza, umadya liwiro lopingasa lija tati silisintha, ndipo mpira wopepuka umavutika kwambiri kuposa chitsulo cholemera cha kukula komweko. Pepala likapempha kuti utchule zomwe waganizira, lemba kuti kukana kwa mpweya sikunawerengedwe ndipo g sakusintha pa ulendo wonse.

Polemba m'mabokosi, bokosi lililonse likhale ndi fomula ya zilembo poyamba, kenako manambala ndi zizindikiro zawo, kenako yankho ndi muyeso wake lodulidwa mzere kunsi. Fomula ya zilembo ija usailumphe ngakhale malo achepe, chifukwa pa mayeso ambiri njira ili ndi malikisi akeake, ndipo chala chikaterereka pa kakyuleta ndi mzere umenewo umene umakupulumutsa. Macheke alembe ndi pensulo m'mphepete. Pa pepala lako lino, mabokosi anayiwo azioneka motere:

```
t = 3.0 s         (1 s + 2 s)
H = 20 m          (15 m + 5 m)
sx = 52 m         (34.6 m + 17.3 m)
v = 26.5 m/s, 49° (v² = 700)
```

Ukamaliza kukonza limeneli, sintha chinthu chimodzi chokha nkuyesanso: denga lomwelo la 15 m, liwiro lomwelo la 20 m/s, koma mpira uponyedwe chopingasa, ngodya ziro. Pamenepo uy ndi ziro, ndipo fomula yako ya R ikuuza kuti mtunda ndi ziro, zomwe maso ako akudziwa kuti si zoona. Ukatsata mbali ya y upeza 1.73 s, mtunda utuluka 34.6 m, ndipo liwiro pogunda pansi likhala 26.5 m/s lomwe lija, chifukwa mu v² = u² + 2gh mulibe ngodya.